Kawerengedwe ka makalori ndi puloteni a wodwala wamkulu wogonekedwa m'chipatala

Ndimagwira ntchito yoona za kadyedwe ka odwala pa chipatala china cha boma kuno ku Joni. Tsiku lina m'mawa wophunzira wina anandipatsa pepala lomwe analembapo kuti wodwala wolemera makilogalamu 55 akufunika makalori 4,200 pa tsiku. Masamu ake anali olondola kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo nambala iliyonse anaitenga m'buku. Koma chakudya chochuluka choncho chikanamupweteka munthuyo. Ndalemba malangizowa chifukwa cha pepala limenelo, ndipo ndikulembera anzanga a kumudzi omwe ali m'mawodi a ku Bara, ku Charlotte Maxeke, ku Helen Joseph ndi kwina, kaya ndi anamwino, ophunzira za kadyedwe kapena madokotala oyamba kumene ntchito.

Tiyenda ndi wodwala mmodzi, yemwe anali pa pepala lija, mpaka kumapeto. Ndi bambo a zaka 42, kwawo ku Mangochi, amagwira maganyu a zomangamanga ndipo amakhala ku Mayfair. Awagoneka ndi chifuwa chachikulu cha m'mapapo, ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo anasiya kumwa ma ARV kwa miyezi ingapo. Thupi likutentha madigiri 38.5, CRP, muyezo wa m'magazi woonetsa kuti thupi likulimbana ndi matenda, yakwera kwambiri. Amatha kukhala tsonga pa bedi ndi kupita kuchimbudzi mogwiriziza. Sali m'chipinda cha odwala mwakayakaya ndipo akupuma okha.

Choyamba, pezani kulemera koona

Fomula iliyonse imadalira kulemera kwa munthu, ndiye mukalakwitsa apa zonse zotsatira zalakwika. Musakhulupirire nambala yolembedwa pa fayilo musanafunse kuti inachokera kuti. Nthawi zambiri imakhala yongoyerekeza ndi maso ku kazuwalite usiku. Muyezeni nokha wodwalayo pa sikelo, m'mawa, atavala zopepuka, ndipo sikelo yomweyo ndiyo mudzagwiritsenso ntchito sabata yamawa.

Bambo athuwa sikelo inaonetsa makilogalamu 56. Nditasindikiza chala pa akakolo panatsala kadzenje, kusonyeza kuti pali madzi. Madzi sadya makalori, choncho timawachotsa. Kutupa kochepa kwa m'mapazi timachotsa kilogalamu imodzi, kutupa kwapakati makilogalamu 5, ndipo kutupa kwakukulu kofika m'ntchafu ndi m'chiuno makilogalamu 10. Madzi a m'mimba amafika pa makilogalamu 2, 6 kapena 14 malinga ndi kuchuluka kwake. Izi ndi zoyerekeza, koma zimaposa kungotenga zomwe sikelo yanena. Kwa bambowa tinachotsa imodzi, kutsala 55.

Kutalika kwawo kunali masentimita 170. Wodwala akakhala kuti sangaime, yezani fupa la mkono kuchokera pa chigongono kufika pa kafupa kotumphuka ka pa dzanja, n'kuona kutalika kwake pa tebulo la MUST, chida chopimira ngati wodwala ali pa chiopsezo choperewera zakudya m'thupi.

Kenako funsani kulemera kwakale. Funso ili ambiri amalilumpha. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, musanayambe kudwala sikelo inkanena bwanji?" Iwo sankakumbuka, koma akazi awo atabwera nthawi yoona odwala anatulutsa khadi la ku kiliniki. Miyezi itatu yapitayo ankalemera makilogalamu 65. Mayiwo anawonjeza kuti, "Adokotala, lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu akungomwa tiyi ndi phala pang'ono basi."

```
BMI = 55 / (1.70 x 1.70) = 19.0
Kutsika = (65 - 55) / 65 x 100 = 15.4%
```

BMI ya 19 imaoneka ngati yabwinobwino, ndipo wina angadutse osaima. Koma kutaya 15 peresenti ya thupi m'miyezi itatu ndi nkhani yaikulu. Sungani nambala imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Chachiwiri, werengani mphamvu ya munthu ali chigonere

Thupi limawotcha mphamvu ngakhale munthu atangogona osachita kanthu, chifukwa mtima, ubongo, chiwindi ndi impso sizipuma. Mphamvu imeneyi m'mafayilo imalembedwa BMR kapena REE. Njira yeniyeni yoipezera ndi makina oyeza okosijeni yemwe munthu akukoka ndi mpweya womwe akutulutsa, koma makinawa sapezeka m'mawodi wamba, ndiye timadalira mafomula. M'mafomula onse ali m'munsiwa W ndi makilogalamu, H ndi masentimita, A ndi zaka.

Yakale kwambiri ndi ya Harris-Benedict ya 1919, yomwe inachokera pa kuyeza anthu athanzi 239 ku Boston.

```
Amuna: 66.5 + 13.75W + 5.003H - 6.755A
Akazi: 655.1 + 9.563W + 1.850H - 4.676A
```

Ina ndi ya Mifflin-St Jeor ya 1990, yochokera pa anthu athanzi 498 a ku America komweko. Ndi yosavuta kuloweza.

```
Amuna: 10W + 6.25H - 5A + 5
Akazi: 10W + 6.25H - 5A - 161
```

Yachitatu ndi ya Henry ya 2005. Iyi ndimaikonda chifukwa inaphatikizamo anthu ambiri a m'mayiko otentha, komanso ili ndi mtundu wosafuna kutalika. Imasintha malinga ndi msinkhu, ndipo kwa a zaka 30 mpaka 60 ili motere.

```
Amuna: 14.2W + 593
Akazi: 9.74W + 694
```

Tikaikamo nambala za bambo athu tipeza izi.

```
Harris-Benedict: 66.5 + 756.3 + 850.5 - 283.7 = 1390
Mifflin-St Jeor: 550 + 1062.5 - 210 + 5 = 1408
Henry: 781 + 593 = 1374
```

Taonani kuyandikana kwake. Yaikulu ndi yaing'ono zikusiyana ndi makalori 34 okha, osakwana ndi theka la dzira. Anthu amataya nthawi kukangana kuti fomula yabwino ndi iti, pamene kwa wodwala wa thupi ngati ili zonse zikuloza pa 1,400. Gwiritsani ntchito yomwe dipatimenti yanu inavomereza, ndipo lembani dzina lake pa fayilo kuti wobwera pambuyo panu adziwe komwe nambala yachokera. Mafomulawa amasiyana kwambiri kwa anthu onenepa zedi, owonda zedi ndi okalamba, ndipo kumeneko ndiye kofunika kusamala. Kumbukiraninso kuti onsewa anapangidwa poyeza anthu athanzi. Kwa munthu mmodzi wodwala, yankho likhoza kuphonya ndi 10 peresenti kapena kuposa, m'mwamba kapena m'munsi. Ndi chifukwa chake sindilemba 1,407.5 ayi. Ndimalemba 1,400.

Chachitatu, onjezerani za matenda ndi za kuyenda

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Thupi likamalimbana ndi tizilombo, bala lalikulu kapena opareshoni, limawotcha mphamvu zambiri kuposa nthawi zonse. Kuti tiwerengere zimenezi timaonjezera gawo lina pa BMR, lomwe m'wodi timati sitiresi fakita, pa pepala SF.

Nambala zomwe zili m'mabuku ambiri zinachokera kwa Calvin Long ndi anzake mu 1979. Iwo anapereka 1.2 pa opareshoni yaing'ono, 1.35 pa kuthyoka mafupa pa ngozi, 1.6 pa matenda aakulu olowa m'magazi, ndi 2.1 pa kupsa kwambiri ndi moto. Pa kuyenda anapereka 1.2 kwa wogona pa bedi ndi 1.3 kwa wodzuka. Nambalazi zikusonyeza pachimake pa matenda, ndipo ndi za nthawi yomwe chithandizo chinali chosiyana ndi cha lero. Masiku ano ululu timauletsa bwino, kutentha thupi timakutsitsa, mabala amoto amatsekedwa msanga, kotero thupi silifika pamenepo kawirikawiri, ndipo likafika silikhalitsapo. Matebulo a pambuyo pake ali ndi nambala zotsikirapo. Opareshoni yopanda zovuta imakhala 5 mpaka 20 peresenti, yokhala ndi zovuta 25 mpaka 40, ndipo matenda a tizilombo apakatikati 20 mpaka 40. Matebulo amasiyana pang'ono, choncho tengani la pa chipatala chanu.

Musanatenge nambala iliyonse, dzifunseni ngati thupi la wodwala likuonetsadi kuti lili pa nkhondo lero. Dzina la matenda lokha si lokwanira. Yang'anani kutentha thupi kopitirira madigiri 38, CRP yokwera, maselo oyera a magazi okwera, mtima wothamanga. Munthu yemwe anachitidwa opareshoni masabata atatu apitawo, CRP yatsika, akuyenda m'khonde, safunikanso sitiresi fakita ngakhale pa fayilo palembedwa opareshoni yaikulu. Ndipo munthu yemwe wangokhala ndi njala nthawi yaitali popanda matenda otentha, thupi lake limachepetsa kawotchedwe ka mphamvu.

Lamulo lomwe ndimaphunzitsa aliyense ndi lakuti sitiresi fakita imakhala imodzi. Wodwala akakhala ndi matenda atatu, tengani ya matenda omwe akulamulira, ena aja alowa kale momwemo. Tiyeni tione chomwe chinachitika pa pepala la wophunzira uja. Anatenga 1.6 ya matenda a m'magazi, ngakhale bambowa sanafike pamenepo. Anakumbukira kuti bungwe la WHO mu 2003 linanena kuti munthu wamkulu yemwe ali ndi HIV koma sakudwala amafunika mphamvu zoonjezera 10 peresenti, ndipo yemwe wayamba kudwala 20 mpaka 30 peresenti, ndiye anaikapo 1.3. Anakumbukiranso kuti digiri iliyonse yopitirira 37 imakweza mphamvu ndi pafupifupi 13 peresenti, anaikapo 1.2. Pomaliza 1.2 ya pa bedi.

```
1400 x 1.6 x 1.3 x 1.2 x 1.2 = 4193
```

Koma zinthu zitatu zoyambazo ndi chinthu chimodzi chomwe chawerengedwa katatu. Kudwala komwe WHO ikunena kwa bambowa ndi chifuwa chachikulu chomwechi. Kutentha thupi nako kukuchokera ku chifuwa chomwechi. Moto ndi umodzi, kungoti tauona pa mazenera atatu. Komanso kuchulukitsa nambala motsatizana kumakulitsa cholakwa, poti iliyonse imakwera pamsana pa inzake.

Ine ndimatsata njira yophatikiza maperesenti kenako n'kuchulukitsa kamodzi. Pa matenda ndinasankha 20 peresenti, kumunsi kwa mlingo wa matenda apakatikati, komwenso kukugwirizana ndi kumunsi kwa mlingo wa WHO. Ndimayambira kumunsi chifukwa kuonjezera pambuyo pake n'kosavuta kusiyana ndi kukonza zomwe kudyetsa mopitirira kwawononga. Pa kuyenda, wogona osagwedezeka amapatsidwa 10 peresenti, wotha kukhala tsonga ndi kudzitembenuza 15 mpaka 20, woyendayenda m'wodi 25. Bambo athu ndi 15.

```
1400 x (1 + 0.20 + 0.15) = 1890, tinene 1900 kcal
1900 x 4.184 = 7950 kJ
```

Mzere wachiwiriwo musaulumphe. Kuno ku South Africa mapaketi a zakudya amalembedwa m'makilojulu, ndipo ndinaonapo munthu akuwerenga 630 kJ ya pa botolo ngati makalori 630, pamene ndi 150 okha.

Chachinayi, yesani yankho lanu ndi njira yachidule

Gawani yankho ndi kulemera kwa wodwala. Izi zimatenga masekondi khumi, ndipo zikanagwira cholakwa cha pa pepala lija nthawi yomweyo. Makalori 1,900 kugawa ndi 55 akupereka 34.5 pa kilogalamu. Odwala ambiri a m'wodi amagwera pakati pa 25 ndi 30, ndipo owonda omwe ali ndi matenda owotcha thupi amafika 30 mpaka 35. Choncho 34.5 ili mkati, kumtunda kwake. Pamene 4,193 kugawa ndi 55 ikupereka 76, nambala yomwe singakhale yoona kwa munthu wogona pa bedi. Mukapeza yankho lopitirira 40 pa kilogalamu, bwererani mukafufuze komwe mwawerenga kawiri.

Kudyetsa mopitirira kuli ndi zizindikiro zake. Shuga wa m'magazi amakwera mwa munthu yemwe alibe matenda a shuga, mafuta a m'magazi amakwera, manambala a chiwindi amasokonekera, ndipo thupi limapanga mpweya woipa wambiri womwe mapapo odwala ayenera kuutulutsa. Kwa munthu wa chifuwa chachikulu, yemwe mankhwala ake ngati isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide amalemetsa kale chiwindi, simukufuna kuwonjezera chinthu china chosokoneza zotsatira za magazi.

Wodwala wa BMI yopitirira 30 kachidule aka kamanama mukagwiritsa ntchito kulemera konse, poti mafuta sawotcha mphamvu ngati minofu. Ambiri amatenga kulemera koyenera kutalika kwake n'kuphatikizapo kotala ya makilogalamu opitirirawo. Wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya nayenso ali ndi malamulo ake. Bungwe la ku Ulaya loona za kadyedwe ka odwala la ESPEN limati 20 mpaka 25 pa kilogalamu, ndipo ngati nambalayo yachokera pa fomula osati pa makina, sabata yoyamba apatsidwe zosapitirira 70 peresenti yake.

Chachisanu, puloteni

Puloteni sitiwerengera kuchokera pa makalori. Ili ndi masamu akeake, magalamu pa kilogalamu. Munthu wathanzi amakwanira ndi 0.8. Wodwala amaphwanya minofu yake kuti apeze zipangizo zomenyera matenda ndi kupoletsa mabala, ndipo kugona pa bedi kumafulumizitsa kuthaku. Minofu yomwe ikuthayo ndi yomweyo yomwe bambowa akutsokomolera, kupumira, ndiponso yomwe adzanyamulire njerwa akachira. N'chifukwa chake wodwala wa m'wodi yemwe ali ndi matenda otentha kapena wachitidwa opareshoni timamupatsa 1.2 mpaka 1.5. Wopsa kwambiri ndi moto amafika 1.5 mpaka 2.0.

```
55 x 1.2 = 66 g
55 x 1.5 = 83 g
```

Ndinalemba magalamu 80, kumtunda, chifukwa ataya thupi lambiri. Galamu iliyonse ya puloteni ili ndi makalori 4, ndiye 80 ikupereka 320, pafupifupi 17 peresenti ya 1,900. Makalori amenewa ali kale mkati mwa 1,900, musawaphatikizenso pamwamba. Dziwaninso kuti chokweza puloteni pano ndi kudwala ndi kuwonda kwawo. Kachilombo pakokha, mwa munthu yemwe ali bwino, sikafuna kuti gawo la puloteni m'chakudya likwezedwe.

Musanalembe nambalayi onani yuliya ndi kiriyatinini m'magazi, zomwe zimaonetsa momwe impso zikugwirira ntchito. Za bambo athu zinali bwino. Zikakhala zokwera, nkhani imasintha koma osati monga ambiri amaganizira. Mlingo wotsika wa 0.6 mpaka 0.8 ndi wa munthu wa impso zofooka kwa nthawi yaitali, yemwe sali pa dayalisisi ndipo alibe matenda ena otentha. Munthu yemweyo akadwala kwambiri timayambira pa 1.0 n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo wa pa dayalisisi amafuna 1.2 kapena kuposa chifukwa makina amachotsako zina. Chimodzimodzi wa chiwindi chouma. Kale ankamumana puloteni poopa kusokonekera mutu, koma lero amapatsidwa 1.2 mpaka 1.5. Zimandiwawa ndikapeza wodwala wowonda ataikidwa pa chakudya chopanda ndiwo za puloteni chifukwa kiriyatinini inakwera tsiku limodzi pomwe anali ndi ludzu chabe.

Chachisanu ndi chimodzi, nambala ya tsiku loyamba ndi ina

Tapeza makalori 1,900 ndi magalamu 80. Kumeneko ndi komwe tikupita, koma si poyambira. Munthu akakhala masiku ambiri osadya, thupi limatha mchere wofunika m'kati mwa maselo, ngakhale magazi akuoneka ngati ali bwino. Mukamupatsa chakudya chambiri mwadzidzidzi, makamaka cha shuga ndi sitachi, insulini imakwera n'kukankhira fosifeti, potaziyamu ndi maginiziyamu kuchoka m'magazi kulowa m'maselo. Mcherewu ukatsika m'magazi, mtima umagunda mosalongosoka, minofu yopumira imafooka, thupi limasunga madzi, munthu amasokonezeka, ndipo akhoza kumwalira. Vutoli timalitcha rifidingi, ndipo limakonda kubwera m'masiku atatu oyamba kudya.

Malangizo a 2006 a bungwe la ku Britain la NICE amati wodwala ali pa chiopsezo chachikulu akakhala ndi chimodzi mwa izi: BMI yochepera 16, kutaya thupi kopitirira 15 peresenti m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, kusadya kopitirira masiku 10, kapena mchere utatu uja utatsika kale. Alinso pa chiopsezo akakhala ndi ziwiri mwa izi: BMI yochepera 18.5, kutaya kopitirira 10 peresenti, kusadya kopitirira masiku 5, kapena mbiri ya kumwa mowa kwambiri ndi mankhwala ena monga insulini ndi okodzetsa. Bambo athu alowa pa makomo onse awiri. Ataya 15.4 peresenti, ndipo atha masiku 8 osadya zenizeni. Khadi la ku kiliniki lija ndilo linatiuza zimenezi, BMI sikanatiuza.

Zikatere, yezani fosifeti, potaziyamu ndi maginiziyamu chakudya chisanayambe. Fosifeti nthawi zambiri salowa m'magazi a masiku onse, muyenera kuipempha padera pa fomu ya ku labu. Adokotala alembe thayamini, yemwe ndi vitamini B1, mamiligalamu 200 mpaka 300 pa tsiku, kuyambira asanadye mpaka masiku 10. Ndipo yambani ndi makalori 10 pa kilogalamu, omwe kwa bambowa ndi 550, n'kumakwera mpaka kufika pa mlingo wonse m'masiku 4 mpaka 7. Malangizo a ku America a 2020 amalola kuyambira pa 10 mpaka 20, koma pamalo pomwe zotsatira za magazi zimachedwa kubwera ndimakhala kumunsi.

Werengani chilichonse cholowa m'thupi. Lita imodzi ya diripu ya 5% dextrose ili ndi magalamu 50 a shuga, omwe ndi makalori 170 mpaka 200. Malita awiri pa tsiku adya kale gawo lalikulu la 550 ija, ndipo ndi shuga weniweni yemwe amayambitsa vutoli. Kenako pali achibale. Kwathu gadiyani amagona pambali pa bedi ndipo mukhoza kumulangiza nthawi iliyonse, koma kuno amabwera pa ola loona odwala lokha, atanyamula chikondi chonse m'chikwama: botolo lalikulu la zakumwa zotsekemera, buledi, nsima ya m'kontena. Ndinakhala nawo pansi mayi aja n'kuwauza kuti, "Mayi, chakudya chanuchi tichifuna kwambiri sabata yamawa. Masiku anayi okha awa tiloleni tiwapatse pang'onopang'ono, thupi lawo laiwala kulandira zambiri. Zotsekemerazi bwererani nazo kaye." Anamvetsa, chifukwa ndinawauza tsiku lomwe adzayambe kubweretsa.

Zinayenda motere. Tsiku loyamba makalori 550, lachiwiri 800, lachitatu 1,100. M'mawa wa tsiku lachitatulo fosifeti inatsika kuchoka pa 0.90 kufika pa 0.68 mmol/L. Sitinasiye kuwadyetsa. Adokotala anawapatsa fosifeti, ife tinaima pa 1,100 osakwera mpaka nambala itabwerera, kenako 1,400, 1,650, ndipo tinafika 1,900 pa tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Chomaliza, sandutsani manambala akhale chakudya, n'kumayang'anira

Nambala ya pa fayilo siidyedwa. Wodwala wa pa chubu masamu ake ndi achidule. Chakudya wamba cha pa chubu chili ndi kalori imodzi pa mililita ndi magalamu pafupifupi 4 a puloteni pa mamililita 100. Mamililita 1,900 pa maola 24 ndi 79 pa ola, ndipo akupereka puloteni yochepera pang'ono pa 80. Koma chubu chimaimitsidwa popita ku ekisireyi kapena posamba, ndiye onani zomwe zalowadi pa tchati.

Bambo athu ankadya pakamwa, ndipo apa vuto ndi puloteni. Ufa wa chimanga wa magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360 koma puloteni magalamu 8 kapena 9 okha. Munthu wozolowera kukhuta nsima ndi ndiwo zochepa akhoza kufika pa makalori ake n'kutsalira kutali pa puloteni. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka kapena amasi, omwe kwathu timati chambiko, ili ndi 8, supuni yaikulu ya chiponde 4, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, ndipo nyama ya nkhuku yophika ya magalamu 100 ili ndi 25 kapena kuposa. Mazira awiri, makapu awiri a amasi, masupuni awiri a chiponde m'phala ndi nthuli ya nkhuku zikupereka 61. Nsima, phala ndi buledi za tsikulo zikukwaniritsa zotsalazo.

Pemphani anamwino alembe kwa masiku atatu kuti mbale yadyedwa yonse, theka kapena kotala. Bambowa ankasiya theka la chakudya chamadzulo chifukwa cha mseru wa mankhwala, ndiye tinasamutsira amasi ndi dzira ku nthawi ya m'mawa ndi masana pomwe mtima unali m'malo, n'kuwonjezera botolo limodzi la chakumwa chopatsa mphamvu cha m'chipatala.

Musayeze ntchito yanu ndi alubumini, puloteni ya m'magazi. Imatsika chifukwa cha nkhondo yomwe thupi likumenya ndi matenda, ndipo imakwera CRP ikatsika, kaya munthu wadya bwanji. Yang'anani sikelo kamodzi pa sabata, mphamvu ya dzanja pogwira, shuga, ndi kutupa kwa mapazi. Kukwera kwa makilogalamu awiri m'masiku awiri ndi madzi. Sabata yachiwiri sikelo ya bambowa inatsika kuchoka pa 56 kufika pa 55, mayi aja n'kuda nkhawa, koma akakolo anali ataphwa. Kunali kuchoka kwa madzi omwe tinawachotsa kale pa masamu athu.

Pa tsiku la 14 kutentha thupi kunali kutasiya, CRP itatsika kwambiri, ndipo ankayenda okha mpaka pa khomo la wodi. Pamenepo masamu amayambidwanso. Sitiresi fakita inachoka, za kuyenda zinakwera kufika pa 25 peresenti, ndipo poti thupi tsopano likhoza kumanga minofu, tinaonjezera makalori 500 obwezeretsa thupi. Kuonjezeraku kumadikira kuti moto wa matenda uzime, chifukwa nthawi ya kutentha thupi makalori opitirira amangosanduka mafuta ndi shuga wokwera.

```
1400 x 1.25 = 1750
1750 + 500 = 2250 kcal (9400 kJ)
```

Apa yankho lafika pa makalori 41 pa kilogalamu, ndipo nthawi ino tikudziwa komwe achokera, poti 500 aja tawaika dala pamwamba pa 32 pa kilogalamu. Puloteni inakhalabe magalamu 80. Pa kalata yopita ku kiliniki ndinalembapo manambala awiriwa, kulemera kwa tsiku lotuluka ndi kulemera kwakale kwa 65, ndi pempho lakuti awayeze mwezi uliwonse akamabwera kudzatenga mankhwala a chifuwa. Mayi aja tsiku limenelo anabweretsa nsima ndi usipa wotendera.